Loko wa manambala: RSA powerengera pamanja

Pepala la kalabu ya masamu ya Fomu 3 ndi Fomu 4, Loweruka m'mawa, kuno ku Kawale

Ophunzira anga, makakyuleta muwabweze m'zikwama. Lero tingofuna pensulo ndi tsamba limodzi la kope.

Taganizani za loko wa pachitseko cha golosale. Mwini wake akausiya wotsegula, aliyense wodutsa angathe kuukanikiza n'kutseka, koma wotsegula ndi yekhayo amene ali ndi kiyi. RSA imayenda chimodzimodzi: manambala otsekera uthenga mumawalengeza kwa aliyense, koma nambala yotsegulira imakhala yanu nokha. Dzinali ndi zilembo zoyamba za mayina a Ron Rivest, Adi Shamir ndi Leonard Adleman, amene anatulukira njirayi mu 1977 pa sukulu ya ukachenjede ya MIT ku Amereka. Clifford Cocks wa ku Britain anali atapeza kale njira yofanana nayo mu 1973, koma poti ankagwira ntchito zachinsinsi za boma, dziko linadzamva za iye mu 1997.

Tiyambe ndi chotsala. Lero ndi Loweruka; pakatha masiku 100 lidzakhala tsiku lanji? Simuwerenga pa zala. Masabata 14 ndi masiku 98, otsala ndi 2, ndiye lidzakhala Lolemba. Mwataya masabata athunthu n'kusunga chotsala chokha. M'masamu timalemba 100 mod 7 = 2, ndipo ntchito yonse ya lero yagona pamenepa.

Ndasankha manambala awiri a pulayimu, aja amene sagawika ndi nambala ina kupatula 1 ndi iwo eni: 5 ndi 11.

```
n = 5 × 11 = 55
φ = (5 − 1) × (11 − 1) = 40
```

Musangoloweza 40 ameneyu, mumvetse kumene wachokera. Kuyambira 1 mpaka 55, manambala ogawika ndi 5 alipo 11, ogawika ndi 11 alipo 5, koma 55 wawerengedwa kawiri, ndiye onse pamodzi ndi 15. Mukawachotsa patsala 40, manambala amene alibe chibale chilichonse ndi 55.

Tsopano nambala yotsekera, e. Isakhale ndi chogawira chofanana ndi 40. Choncho 2, 4 ndi 5 sangatheke, koma 3 ali bwino. Nambala yotsegulira, d, ndi ija imene ukaichulukitsa ndi 3 n'kugawa ndi 40, chotsala chimakhala 1. Manambala osiya 1 ndi 41, 81, 121 ndi ena otero. 41 sagawika ndi 3, koma 81 ndi 3 × 27. Basi d ndi 27.

Pabolodi ndilemba 55 ndi 3 kuti aliyense aone. Koma 5, 11, 40 ndi 27 ndapinda m'thumba la shati.

Tinene kuti Chisomo, yemwe wakhala kumbuyo uko, akufuna kundiuza 7 popanda Mphatso kudziwa, chonsecho kapepala kadzera m'manja mwa Mphatso yemweyo. Chisomo achulukitsa ma 7 atatu, agawa ndi 55:

```
7^3 = 343
343 − (6 × 55) = 13
```

Pakapepala alemba 13. Mphatso waona 13, waonanso 55 ndi 3 pabolodi, koma 7 sakuoneka paliponse.

Ine kuti nditsegule ndiyenera kupeza 13^27 mod 55, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwa ulesi. Chaka chatha mnyamata wina anathamangira kakyuleta, iyo n'kumuonetsa 1.19 × 10^30. Yankho lenileni lili ndi madijiti 31, kakyuleta inangoonetsa oyamba ochepa, ndipo chotsala sungachipeze madijiti akumapeto atatayika. Anakhala ndi nambala yakeyo mpaka belu, osadziwa kolowera nayo. Njira yake n'kusalola nambala kukula. Ichulukitse ndi iyo yomwe, chotsamo ma 55 nthawi yomweyo, kenako chita chimodzimodzi ndi chotsalacho:

```
13^2:  13 × 13 = 169,   169 − 165 = 4
13^4:  4 × 4 = 16
13^8:  16 × 16 = 256,   256 − 220 = 36
13^16: 36 × 36 = 1296,  1296 − 1265 = 31
```

Taonani mzere woyambawo: 169 wasanduka 4, ndipo kuyambira pamenepo 13 sitimugwiranso mpaka kumapeto. Izi n'zololedwa chifukwa ma 55 athunthu, ngakhale uwachulukitse ndi chiyani, amakhalabe ma 55 athunthu. Sawonjezera kanthu pa chotsala.

Nanga 27 timupanga bwanji? 27 = 16 + 8 + 2 + 1. Ndiye titenga mzere wa 16, wa 8, wa 2, ndi 13 mwini wake. Mzere wa 4 unangotithandiza kukwera, suwerengedwa. Amene amalakwa nthawi zambiri amalakwira pomwepa, poikamo 16 uja wa mzere wa 4.

```
31 × 36 = 1116,  1116 − 1100 = 16
16 × 4 = 64,     64 − 55 = 9
9 × 13 = 117,    117 − 110 = 7
```

Wabwerera 7 wa Chisomo. Tachulukitsa kasanu ndi kawiri kokha m'malo mwa ka 26, ndipo nambala yaikulu imene takumana nayo ndi 1296. Ndaphunzitsa phunziroli zaka zingapo, koma 7 ameneyu akatulukira pansi pa tsamba ndimasangalalabe ngati n'koyamba.

Si matsenga ayi. Leonhard Euler, katswiri wa masamu wa m'zaka za m'ma 1700, anaonetsa kuti nambala iliyonse yopanda chibale ndi n, ukaikweza ku φ, imasiya 1. Kwa ife, 7^40 mod 55 = 1. Kutseka ndi 3 kenako kutsegula ndi 27 n'chimodzimodzi kukweza 7 ku 81, ndipo 81 = 40 + 40 + 1. Ma 40 awiriwo aliyense asanduka 1, n'kutsala 7 yekha. N'chifukwa chake tinafunafuna d wosiya 1 pogawa ndi 40.

Ndikudziwa kuti Mphatso wakweza kale mkono: "Aphunzitsi, 55 si 5 × 11 kodi?" Wanena zoona, ndipo akangodziwa zimenezo apeza 40, kenako 27, loko wathyoka. Chitetezo chonse cha RSA chatsamira pa chakuti kuchulukitsa mapulayimu awiri n'kosavuta, koma kuwapezanso kuchokera ku n wamkulu ndi ntchito yosaneneka. Makiyi ambiri a masiku ano ndi a mabiti 2048, kutanthauza n wa madijiti pafupifupi 617, ndipo e nthawi zambiri amakhala 65537. Mu 2020 akatswiri anakwanitsa kuphwanya nambala ya madijiti 250 yotchedwa RSA-250, koma panalowa makompyuta ochuluka kwambiri.

Loko wathuyu ali ndi zofooka zinanso. Uthenga uyenera kuchepera 55. Nambala 1 imatuluka 1 yemweyo, 10 nayenso amatuluka 10 (yesani: 1000 − 990). Komanso uthenga umodzi umatuluka chimodzimodzi nthawi zonse, choncho Mphatso akhoza kungoyesa manambala onse mpaka apeze wotulutsa 13. Pa RSA yeniyeni amayamba asakaniza uthenga ndi manambala osankhidwa mwachisawawa asanautseke. Chonde, musabise PIN ya foni ya amayi anu ndi 55.

Ntchito ya kunyumba: ndatseka mawu amodzi a Chichewa, chilembo chilichonse pachokha, A kukhala 1, B kukhala 2, mpaka Z kukhala 26.

```
9   31   14   2   1
```

Tsegulani ndi d = 27, mizere yonse ioneke m'kope monga tachitira pamwambapa; yankho lokhalokha sindilandira. Gwirani awiriawiri, wina aziwerengera wina azitsimikizira potsekanso yankho ndi 3. Makope ndiwapeze patebulo langa Lachinayi isanakwane 10 koloko.