Kwa makasitomala athu: kodi foni kugona pa tchaja kumapha batire?

Sabata yatha mayi wina wa ku Chibavi anabwera ndi foni yotupa batire, chivindikiro chakumbuyo chitakanuka, nkumadziimba mlandu kuti anaigoneka pa tchaja. Nditafunsitsa ndinapeza kuti amaitchajira pansi pa pilo, ndi tchaja yogula m'manja kudepoti. Nchifukwa chake ndalemba izi.

Mumamva kuti foni ikadzaza imapitiriza kumwa moto mpaka kuphulika. Si zoona. Mafoni amakono ali ndi mabatire a lithiamu, ndipo mkati muli kachipangizo kamene kamadula moto batire ikafika 100 peresenti. Komabe lithiamu imakalamba msanga ikamakhala yodzaza maola ambiri tsiku ndi tsiku, makamaka ikufunda. Ndiye ngati foni yanu ili ndi njira yochepetsera zimenezi, iyatseni. Pa iPhone, kuyambira 2019, pali Optimised Battery Charging: foni imaima pa 80 peresenti nkudzamalizitsa kukamacha. Pa Samsung zambiri funani Protect battery kapena Battery protection mu Settings.

Mdani weniweni ndi kutentha. Kuno ku Mzuzu mu Juni timadzifunditsa mabulangete awiri, ndipo foni nayo imalowa momwemo, tchaja ili pakamwa. Kutenthako kumasowa kotulukira. Iikeni patebulo kapena pasimenti, ndipo ikamafunda ivuleni kava. Inu a sola, panelo ikhale padzuwa koma foni pamthunzi, makamaka mu Okutobala. Kuonera mpira kapena kusewera magemu ikutchaja kumaitenthetsanso.

Zoti foni yatsopano itchajidwe maola 8, kapena kuti muziyembekeza izime yokha musanaitchaje, nzamabatire akale a nikelo. Lithiamu kuigwetsa pa 0 kawirikawiri nkuizunza. Ikafika cha m'ma 20 ilumikizeni, ndipo kutchaja pang'onopang'ono kangapo patsiku sikulakwa. Koma mukadziwa kuti mawa magetsi azima, kapena muli pa ulendo wa ku Karonga, dzazitsani ndithu. Foni munagulira kuti ikuthandizeni.

Chimene ine ndimaopa usiku ndi tchaja. Magetsi akabwerera atazima, kapena mphenzi ikaomba nthawi yamvula, mphamvu imatha kudumpha, ndipo tchaja yachinyengo ilibe chotetezera chokwanira. Tchaja zambiri zimene ndimatsegula pano zimakhala zitapsa polowera moto. Magetsi akazima zulani tchaja pasoketi, akabwera dikirani mphindi zingapo. Tchaja yolira, yonunkha pulasitiki kapena yachingwe chosupuka, itayeni ngakhale ikugwirabe ntchito.

Batire ikatupa musaipanikize, musaiboole ndi singano, musaitchajenso. Zimitsani foniyo, muiike kutali ndi bedi komanso ana, mubwere nayo. Timatsegula 7:30 m'mawa, Lolemba mpaka Loweruka, ndipo kuyeza tchaja sitilipiritsa.