Pulani ya phunziro la luso Loweruka lino: Giredi 4, tikupanga zoyendera ndi zinthu zotaya

Aphunzitsi anzanga, nayi pulani ija ndinalonjeza. Tikumana ku holo ya tchalitchi ku Rosettenville konkuja, 10 koloko mpaka 11:30, ana alipo 22. Mutu wake: CHINTHU CHONDIFIKITSA KWA AGOGO. Mwana aliyense apange choyendera chake, kaya basi ya Joni, kaya tekisi, bwato, njinga ya kabaza, olo chinthu choti sichinapangidwepo, bola afotokoze kuti chikamufikitsa bwanji kumudzi. Tikayanika zonse pa 24 Seputembala, tsiku la chikhalidwe, makolo adzaone.

Zobweretsa: mabotolo a 2 lita, zitsekerero zambirimbiri zopangira mateyala, makatoni, mathileyi a mazira, majumbo, nyuzi zakale, zigamba za chitenje, waya wofewa, ulusi. Zonse zitsukidwe ndi kuuma. Galasi ayi, mabotolo a bulitchi kapena palafini ayi, zitini zakuthwa ayi. Uzani makolo asankhule kunyumba galimoto yotola zinyalala ya Pikitup isanadutse, musatume mwana kukafukula mbini mumsewu. Chogula ndi tepi basi. Guluu ndiphika ndekha Lachisanu, kapu imodzi ya fulawa, makapu 4 a madzi ndi kamchere, pamoto mpaka lichite ngati phala. Koma dziwani kuti limagwira pepala ndi katoni zokha, pulasitiki silimata, pamenepo pafunika tepi kapena ulusi. Mabowo a mateyala tiboole ife akulu ndi msomali ana asanafike.

Mphindi 10 zoyamba ndi macheza. Ndibweretsa galimoto ya mawaya ndi mpira wachikulunga, tiwafunse kuti izi zinali chiyani zisanakhale chonchi. Ambiri mwa ana amenewa anabadwira kuno ku South Africa, sadziwa kuti bambo awo ankapinda waya okha, ndiye tisathamange apa. Akaona ndizibisa mchikwama, chifukwa zikakhala patebulo mupeza magalimoto 22 ofanana.

Mphindi 10 ajambule ganizo lawo papepala, kenako asankhe zipangizo zosachepera mitundu 3.

Mphindi 45 kupanga, anayianayi kapena asanu patebulo koma aliyense chake. Apa ndiye ndikupempha ndi mtima wonse, manja athu akhale kumbuyo. Ulendo watha ndinamukonzera mtsikana wina denga la nyumba yake chifukwa linkangogwa, linaima bwinobwino koma iye sanafune kupita nayo kwawo, anati si yanga. Zimandipwetekabe. Ndiye mwana akati aphunzitsi teyala likugwa, inu mungofunsa kuti wayesa chiyani kale, nanga patebulopa pali china chomwe chingagwire? Azilankhula chilichonse, Chichewa, Chizulu, Chingerezi, koma mayina a zipangizo tiwaphunzitse m'Chichewa.

Mphindi 15 kuonetsa, aliyense ziganizo ziwiri zitatu. Mphindi 10 zomaliza kusesa, mabotolo otsala tiike m'thumba lapadera tiwapatse abambo aja amakoka matolole otolera mapulasitiki.

Tsopano kachongedwe. Funso lililonse 0 ngati palibe, 1 ngati wayesa, 2 ngati zaoneka bwino, zonse pamodzi 10.

1. Ganizo ndi lake? Sanangokopera chitsanzo kapena cha mnzake?
2. Wasandutsa chinthu kukhala china chomwe sitimayembekezera? Chitsekerero kukhala teyala ndi 1 chifukwa aliyense atero, thileyi ya mazira kukhala mipando ya basi ndi 2.
3. Chitavuta anayesa njira ina?
4. Waikapo kanthu ka moyo wake, monga katundu padenga, dzina la basi, mtundu wa chitenje cha amayi?
5. Atha kufotokoza chifukwa chomwe anasankhira zimenezo?

Nambala 3 simungaione pa chinthu chomalizidwa, muyenera kuchonga akupanga, ndiye aliyense wa ife atenge matebulo ake ndi pepala m'manja. Mwana wamanyazi pa nambala 5 mufunseni pambali, asataye malikisi chifukwa choopa gulu.

Mwaona kuti kukongola ndi ukhondo mulibe, ndachita dala. Mwana wobwera ndi penti ndi timaso ta mushopu asapose mnzake wobwera ndi majumbo okha, ndipo bwato lopendekeka lomwe mwini wake walimbana nalo katatu likhoza kupeza 9. Malikisi sitiwerenga pagulu, ndi athu ndi makolo. Mwanayo timulembere chiganizo chimodzi kuseri kwa chojambula chake, chotchula chomwe waganiza yekha.

Amene ali ndi masizasi osasongoka abwere nawo, ine ndili ndi 6 okha. Ndifika 9 koloko kudzaboola zitsekerero, wina adzandithandize chonde.