Mpando wa pa zenera

Lachinayi m'mawa, tambala wa kwa aneba asanalire kachiwiri, Agogo NaPhiri anali atatsitsa kale makatani onse a pabalaza. Kumbali ya phiri la Michiru kunali kudakali mdima, koma kutentha kwa Okutobala kunali kutagona m'nyumba usiku wonse.

"Iwe Tadala, dzuka. Ndege ikutera Loweruka, si chaka chamawa."

Tadala anatuluka akutikita maso. Anali ndi zaka 13, ndipo 7 mwa zakazo anakulira m'nyumba yomweyi ku Chilomoni, chichokereni amayi ake, Mphatso, mu 2017 kukagwira ntchito ya unamwino ku Leeds, ku Mangalande.

"Agogo, si tinakolopa dzulo lomweli?"

"Dzulo tinakolopa poonekera. Gwira uko."

Anayamba ndi sofa yaikulu. Inalira pansi ngati mbuzi yokana chingwe, ndipo itasuntha panaoneka simenti yofiirira bwino, ya polishi wakale amene phazi silinapondepo zaka zonsezi. Panali ndalama yachitsulo, chipeso chothoka mano, ndi singano yolukira imene Agogo anainamizira mwana wa aneba chaka chatha. Anaitola, nkuiyang'ana, nkuilowetsa mu duku osanena kanthu.

Sofayo anaiika kukhoma la kum'mawa. Agogo anaima pakhomo, manja m'chiuno, kuyesa kuona ndi maso a munthu amene wangotsika galimoto kuchokera ku Chileka.

"Ayi. Akalowa aziyamba kuona ming'alu ija. Bweza."

Anabweza. Kenako anaipititsa pafupi ndi kabati, nkuibwezanso. Pofika 9 koloko Tadala anali atakhala pansi, thukuta lili kamukamu.

M'kabati ya galasi munali zonse zimene Mphatso ankatumiza: makapu oyera a mkombero wagolide amene sanalawepo tiyi, ketulo yamagetsi idakali m'katoni yake, mbale zopyapyala zimene Agogo ankaopa ndi kuzipumira komwe. Anazitulutsa chimodzichimodzi, kupukuta, nkuzindandalika pamwamba kuti zioneke. Mwana wawo ankagwira mashifiti a usiku kudziko lozizira, kunyamula nkhalamba za eni ake, ndipo Agogo ankafuna kuti akangolowa aone kuti thukuta lake silinapite pachabe. Makapu awo achitsulo, otumbuka m'mphepete, anawakankhira kumbuyo.

"Ndiye tiyi tizimwera muti?"

"M'menemu. Uyambe kuzolowera lero, usadzagwire ngati mlendo pamaso pa amako."

Pamwamba pa kabatiyo panapachikidwa wotchi yaikulu, nayonso yochokera komweko. Alendo ankaiyesa yakufa chifukwa nthawi zonse inkatsalira m'mbuyo: ola limodzi miyezi ino, maola awiri kukazizira kumeneko. Sinali yakufa. Agogo ndiwo anamuuza Tadala kuti aziisunga pa nthawi ya ku Mangalande. Akaiyang'ana ankadziwa kuti pano Mphatso akudikira basi, pano waweruka, pano asamuimbire chifukwa wagona. Nthawi ya ku Chilomoni ankaiona padzuwa ndi pa belu la kutchalitchi.

Masana anapachika makatani atsopano, nayala tinsalu toluka pa mitu ya sofa. Kalendala ya Mvano anaisuntha kuti ibise ming'alu. Chithunzi cha Mphatso atavala yunifolomu anachikweza pakati, cha ukwati wawo nkuchitsitsa pang'ono.

Kunatsala mpando wa ndalema wa pa zenera.

Unali wa malemu amuna awo, aPhiri. Anaugula adakagwira ntchito ya njanji ku Limbe, ndipo atapuma pantchito ankakhalapo madzulo aliwonse, wailesi ili pamwendo, kumvera uthenga wa maliro ndi mpira. Nsalu yake inali itasokedwa kawiri, ndipo poika mkono wamanja thabwa linali litasalala ndi kuda. Anamwalira mu Januwale 2021, matenda a korona atavuta, anthu akuikidwa mofulumira ngati kuti mtembo walakwa. Mphatso sanathe kubwera. Maliro a bambo ake anawaonera pa foni imene msuweni wake anaikweza m'mwamba kumanda, ndipo mawu ankadukaduka.

Agogo anaima pa mpandowo nthawi yaitali.

"Uwu upite kustolo."

"Agogo?"

"Wandimva. Mwana wanga akubwera milungu itatu yokha. Sindikufuna ayambe ndi misozi asanavule nsapato. Komanso taona mmene wathera, pafupi ndi makatani atsopanowa."

Tadala anaupinda nkupita nawo kustolo, kuuyedzamiritsa pa thumba la chimanga. Pa zenera paja anaikapo katebulo ndi maluwa apulasitiki. Pabalaza panaoneka potakasuka, poyera, ngati pa nyumba za m'mabuku.

Madzulo magetsi anathima. Anadyera nsima ya nkhwani wotendera ndi usipa pa kandulo, ndipo Agogo anangotema mbamu ziwiri nkusamba m'manja. Maso awo ankangobwerera pa zenera, pamene maluwa aja anali ngati mlendo wosadziwa poti akhale.

"Agogo, ndinene kanthu?"

"Pakamwa ndi pako."

"Amayi akaimba foni ya kanema, inu mukapita kukhitchini, amandiuza kuti nditembenuze foni."

"Kutembenuzira kuti?"

"Ku mpando wa agogo aamuna. Sayankhula. Amangoyang'ana, kenako amati basi mwanangu, zikomo. Anati ndisakuuzeni chifukwa mungadandaule."

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira maliro aja. Lamlungu lililonse."

Agogo anakoka mpango wa chitenje nkupukuta kumaso ngati akupukuta thukuta. Kunja ana ankasewera chibisalirano, ndipo patali chigayo cha dizilo chinkagunda.

"Mwana ameneyu," anatero chapansipansi. "Ine kumubisira, iye kundibisira."

Anadzuka, kunyamula kandulo, nkulowera kustolo okha. Tadala anamva thumba likugwa ndipo anathamangira, koma anawapeza atausenza kale mpandowo m'khwapa, msana uli wokhota.

"Ndisiye, sulemera. Iwe chotsa maluwawo."

Poufunyulula pa zenera, miyendo yake inalowa ndendende m'timaenje tinayi timene inakumba pa simenti m'zaka zonse zija. Agogo anafuna kuyalapo kansalu koluka kuti kabise zigamba, anakagwira m'manja, kenako anakabweza pa sofa. Anatsegula kabati, kupisa dzanja kumbuyo kwa makapu agolide, nkutulutsa kapu yachitsulo yaikulu imene aPhiri ankamwera thobwa. Anaiika pa zenera pafupi ndi mpandowo.

"Mawa m'mawa upite kumsika ukagule chimera. Amako thobwa amalikonda lowawasa pang'ono, ngati bambo ake."

Lachisanu madzulo foni inalira. Unali uthenga wa mawu: Mphatso anali pabwalo la ndege, chikwama chatsogola kale, mawa masana akhala atatera ku Chileka. Agogo anaumvera katatu, foni ili pa khutu ngakhale inkamveka nyumba yonse. Atatha anayang'ana kukhoma.

"Tadala, tenga kampando ukwere."

Tadala anakwera nkutsitsa wotchi ija. Kuseri kwake kunali fumbi lambiri ndi kangaude wouma.

"Ndiipukute?"

"Pukuta. Ukatha uipititse kutsogolo."

"Ola limodzi?"

"Limodzi. Iike pa nthawi ya kuno."

Tadala anazungulitsa kagudumu ka kumbuyo mpaka muvi unafika pa 7 koloko, nkuipachikanso. Agogo anakhala pa sofa, moyang'anizana ndi mpando wa pa zenera, nayamba kusankha mpunga wa mawa m'lichero.