Pempho la thandizo pa bilu ya kuchipatala ya a Kamanga

Anansi anzanga, abale ndi alongo,

Ndikulemba ndine Yohane Tembo, amene nyumba yanga inagundizana mpanda ndi ya a Kamanga, mmisiri wa matabwa uja. Ambiri mwamva kale kuti ali m'chipatala, koma nkhani yoyenda pakamwa siichedwa kumera nthambi. Dzana wina anandiimitsa pamsewu kundifunsa ngati n'zoona kuti awadula mwendo. Sanawadule. Ndiye ndati ndilembe zonse monga zilili, kenako ndipemphe chimene ndikupempha.

Pa 9 Juni m'mawa, a Kamanga anali pamwamba pa nyumba ina akuchotsa malata akale. Phaso limene anapondapo linali lodyeka ndi chiswe m'kati, kunjaku likuoneka labwinobwino. Linathyoka, iwo n'kugwera pa simenti. Anathyoka fupa la m'ntchafu ya kumanja. Ili ndi fupa lalitali ndiponso lolimba kuposa ena onse m'thupi la munthu, ndipo likathyoka munthu amataya magazi ambiri m'kati mwa ntchafu momwemo ngakhale kunja kusaoneke bala. Pamene ndinkafika ine, ntchafu inali itatupa mpaka buluku kuthina, mwendo utafupika, phazi litagonera kunja. Ankatuluka thukuta lozizira koma ankayankhula, ndipo chimene ankafunsa n'chakuti wina atole hamala yawo isasowe.

Ena afunsa, ndipo funsolo n'lomveka, kuti bwanji tinawatengera kuchipatala cholipira. Amene anasankha ndine, ndipo sindikubisala. Ndicho chinali pafupi, munthu anali kufooka ndikuona, ndipo m'galimoto muja palibe amene ankaganiza za bilu. Titafika anawaika magazi, anawajambula, dokotala n'kutifotokozera njira ziwiri. Yoyamba ndi yogona chagada milungu isanu ndi umodzi kapena kuposerapo, mwendo atawukoka ndi zolemera mpaka fupa litagwirana. Yachiwiri ndi opaleshoni yolowetsa chitsulo chachitali m'kati mwa fupa n'kuchimanga ndi masikuluwu kumtunda ndi kumunsi, kuti munthu adzuke msanga ndipo mwendo usapole mokhota kapena kufupika. Banja linasankha opaleshoni, poganizira kuti munthuyu amadyera kukwera makwerero. Inachitika pa 11 Juni ndipo inayenda bwino.

Lamlungu ndinakawaona. Ndinawapeza atakhala m'mphepete mwa bedi, atagwira chithunzi cha fupa chija moyang'anitsa ku windo, akuchiunika ngati ntchito ya mnyamata wophunzira. Anandilozera chitsulocho n'kunena kuti, "A Tembo, zaka zonsezi ndakhala ndikukhoma misomali m'matabwa, lero aukhoma mwa ine. Koma awongola bwino, sindikuwanena." Ayamba kale kuyenda ndi ndodo ziwiri kuchoka pabedi kukafika pakhomo la wodi. Madokotala akuti fupa lotere limatenga miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi kuti ligwirane bwinobwino, choncho zokwera padenga chaka chino tiiwale kaye.

Kalata ino a Kamanga anaikana kawiri. Iwo maganizo awo anali ogulitsa zida: sowo yamagetsi, mapulena, benchi, ndi bokosi lobiriwira lija limene amalimangirira kumbuyo kwa njinga. Anali atauza kale Mayi Kamanga kuti afufuze wogula. Ine ndi mayiwo tinakana. Mmisiri akagulitsa zida, ngongole ya chipatala imatha koma njala imayamba, ndipo m'nyumba muja muli ana atatu a pasukulu. Tinakambirana nthawi yaitali, mpaka anavomera pa mfundo ziwiri. Yoyamba, tisawonjezere chilichonse pa nkhaniyi pofuna kuti anthu amve chisoni. Yachiwiri, tisaike chithunzi chawo ali pabedi. Kalatayi aiwerenga yonse asanailole, ndipo malo awiri andichotsetsa mawu amene anati akuwatama mopitirira.

Ine sindiwatama, ndingokumbutsa. Chitseko changa chitagwa usiku wa mphepo ija, anabwera ndi tochi pakamwa n'kuchikonza, ndalama anakana. Ena a inu muli ndi nkhani zanu zofanana ndi imeneyi. Koma sindikufuna kuti wina apereke ngati akubweza ngongole, chifukwa iwo sanakongoze munthu.

Tsopano za ndalama. Bilu imene chipatala chatipatsa, kuwerengera mpaka tsiku limene akuyembekezeka kutuluka, pa 21 Juni, ndi K3,400,000. Yagawika motere:

Opaleshoni pamodzi ndi chitsulo ndi masikuluwu: K2,100,000
Bedi masiku 12: K540,000
Kujambula, kuyeza magazi ndi kuika magazi: K410,000
Mankhwala ndi zotsukira bala: K350,000

Zimene zaperekedwa kale ndi K1,700,000, yomwe ndi theka lenileni. Banja latulutsa K900,000, kuphatikiza zimene ankasunga ndi zimene apeza pogulitsa matabwa omwe anali pashedi. Mchimwene wawo watumiza K250,000. Mwini nyumba imene anagwerapo wapereka K400,000 popanda womukakamiza, ndipo wabwera kudzawaona katatu. Ndanena izi kuti pasakhale womuloza chala. Anansi amene tinalipo tsiku la ngozi tinasonkha K150,000 yolipira polowa.

Yatsala K1,700,000. A ku ofesi ya zachuma atilola kulipira kawiri, K850,000 pofika pa 30 Juni ndi K850,000 ina pofika pa 31 Julayi, ndipo Mayi Kamanga asainira pangano limeneli. Akatuluka padzafunikanso mafizo, kuti bondo lisaume ndi minofu ibwerere mphamvu, komanso kujambulidwa kawiri kapena katatu kuona ngati fupa likugwirana. Pa zimenezi atiuza kuti tikonzekere pafupifupi K450,000. Iyi ndi yongoyerekeza, ikhoza kutsika kapena kukwera pang'ono, ndipo ikasintha tidzanena. Zonse pamodzi tikupempha K2,150,000. Za chakudya cha pakhomo ndi sukulu ya ana sizili m'kati, banja lati lidzionera lokha.

Ndalamazi sizidutsa m'manja mwanga kapena mwa banja. Msungichuma ndi Mayi Mbewe, aphunzitsi opuma aja, ndipo amene akuonanso mabuku ndi a Chirwa. Njira zoperekera ndi izi.

Amene mungathe kufika kuchipatala, lipirani pa windo la keshiya. Tchulani dzina la wodwala, Elias Kamanga, ndi nambala ya fayilo yake, 20716. Musachoke opanda lisiti, ndipo muonetsetse kuti nambalayi yalembedwapo, chifukwa dzina la Kamanga si la munthu mmodzi. Kenako jambulani lisitilo ndi foni mutumizire Mayi Mbewe kuti achotsere pa ngongole. Kunena zoona njira iyi ndi imene ine ndikuikonda, popeza ndalama imafika pamalo pake tsiku lomwelo ndipo palibe chodulidwa.

Amene mukufuna kutumiza pa foni, gwiritsani ntchito nambala imene yakutumizirani uthenga uno, ndi ya Mayi Mbewe. Musanalembe nambala yanu yachinsinsi, yang'anani dzina lotuluka pa foni. Likhale Esinati Mbewe. Likatuluka lina, lekani pomwepo, muwaimbire. Ngati uthengawu wakupezani kudzera kwa munthu wina, musatumize ku nambala ya munthuyo, funsani nambala ya msungichuma kwa ine, kwa a Chirwa kapena kwa Mayi Kamanga. Mukatumiza, lembani kauthenga kotchula dzina lanu ndi kuchuluka kwa ndalama, ndipo adzakuyankhani tsiku lomwelo.

Amene muli kutali ndipo mukufuna kudzera ku banki, sitinatsegule akaunti ina iliyonse. Lipirani ku akaunti ya chipatala yomwe yasindikizidwa m'munsi mwa bilu. Mayi Mbewe adzakutumizirani chithunzi cha biluyo mukapempha. Pamalo olemba cholinga cha ndalama mulembe 20716.

Amene muli ndi ndalama m'manja, Mayi Mbewe amapezeka pakhomo pawo madzulo aliwonse kuyambira 4 koloko mpaka 6 koloko. Ali ndi buku la malisiti lokhala ndi kaboni, lina mutenga, lina litsala. Ngakhale K500 ilembedwa. Palibe mwana kapena mnyamata amene tamutuma kuyenda m'makomo ndi pepala, ndipo palibe amene adzakuimbireni kunena kuti nambala yasintha kapena kuti wodwala wafooka mutumize msanga. Zikachitika zotero dziwani kuti ndi wakuba.

Loweruka lililonse madzulo tidzatumiza chiwerengero cha zimene zalowa, zimene zalipidwa ndi zimene zatsala, pamodzi ndi zithunzi za malisiti a chipatala. Mayina a opereka sitidzawaulutsa, adzakhala m'buku mokha, ndipo amene sakufuna kuti ngakhale banja lidziwe anene, tidzalemba kuti "mnansi". Aliyense amene wapereka ali ndi ufulu wopita kukaona bukulo. Ndalama ikakwana tidzalengeza ndi kutseka tsiku lomwelo. Ikapitirira, yotsalayo idzasungidwa kwa msungichuma mpaka madokotala atanena kuti mafizo atha, ndipo ikatsalabe tidzaitana opereka kuti agwirizane chochita nayo. Ikaperewera tidzanenanso, n'kupita kukakambirana ndi chipatala za masiku ena.

Ndikudziwa kuti si nyumba iliyonse ingathe, ndipo palibe amene adzafunsidwe chifukwa chake. Pali zinanso zofunika zosalira ndalama. Tikufuna wa galimoto wowaperekeza ku mafizo Lachiwiri ndi Lachisanu m'mawa kuyambira sabata yomaliza ya Juni, popeza panjinga sangakwere. Tikufunanso mpando wautali wokhala ndi mogwira manja, wobwereka kwa miyezi iwiri, chifukwa mipando ya m'nyumba mwawo ndi yotsika ndipo azivutika podzuka. Ndipo amene munapereka ntchito kushedi kwawo, chonde musaichotse. Mphwawo Madalitso, amene waphunzira kwa iwo zaka zinayi, akupitiriza zitseko ndi matebulo onse, ndipo a Kamanga akuti akangofika pakhomo azikhala pampando n'kumayang'anira muyezo uliwonse.

Ofuna kukawaona, nthawi ndi 12 koloko masana kapena 5 koloko madzulo, awiriawiri, muyambe mwadziwitsa Mayi Kamanga.

Zikomo kwambiri.

Ine mnansi wanu,
Yohane Tembo
m'malo mwa banja la a Kamanga, pamodzi ndi Mayi Mbewe ndi a Chirwa
17 Juni