Mameseji a Lamulungu, tiyi atatayika Loweruka

A Phiri, 9:14 m'mawa
Mwadzuka bwanji a Nangozo? Ndine uja ndinakuthirani tiyi dzulo. Ndati ndimve ngati munafika bwino kunyumba, komanso ngati diresi ija ikupezako bwino.

A Phiri, 9:17
Ine ndinafika ku Lizulu cha m'ma 8 koloko usiku, mano akugundana. Meseji imeneyi ndailemba katatu n'kufufuta. Yoyamba inatalika ngati chikalata cha mlandu wa munda, yachiwiri inali ndi mawu oti pepani kasanu ndi kawiri. Ndiye ndangoti ndinene mwachidule: dzulo zinthu sizinayende m'mene ndinkafunira, koma ndinasangalala kukuonani maso ndi maso. Ndikudziwa kuti panopa muli kutchalitchi, mudzayankha mukapeza mpata.

A Nangozo, 12:41 masana
Ndadzuka bwino a Phiri, kaya inu. Ndangoweruka kumene kumapemphero. Ndinafika bwinobwino, wakabaza anandisiya pageti penipeni. Diresi ndinainyika usiku womwewo, ili pachingwe. Banga latsala pang'ono, koma ili moyo.

A Nangozo, 12:42
Kunena zoona ndimayesa kuti simulembanso. Momwe munathamangira minibasi ija, ndinati munthuyu akuthawa ngongole.

A Phiri, 12:50
Ayi ndithu, ngongoleyo ndi yomwe yandilanda tulo. K14,500 yanu ndikuikumbukira mpaka kwacha yomaliza. Ndalama zinali mufoni, ndikulumbira, koma inu munaona nokha, foni itangoyaka ndi tchaja ya mayi a pakauntala aja netiweki inati ine ndiye ayi. Ndinabwereza kanayi. Mayi aja atafunsa kuti "Ndiye titani bambo?" ndinalakalaka pansi patang'ambika. Inu munangotsegula kachikwama n'kulipira osanena kanthu, ndipo pamenepo manyazi anachita kuwirikiza. Ndikutumizireni pa nambala yomweyi?

A Nangozo, 12:53
Dikirani kaye za ndalamazo. Tiyambe ndi ola ndi theka lomwe ndinakhala ndekha patebulo, anthu akulowa ndi kutuluka, wina mpaka kundifunsa ngati mpando winawo uli ndi mwini.

A Phiri, 1:04
Pamenepo ndilibe chodzitchinjirizira. Ndinanyamuka nthawi yabwino, koma minibasi inaima pa Masasa kudikira anthu ochokera ku Golomoti, kenako tayala linaphulika tisanafike pa Bembeke. Tayala lapadera linalipo koma jeke analibe, ndiye kondakitala anachita kuimitsa lole kuti abwereke. Foni yanga inali itazima chifukwa magetsi kwathu anathima kuyambira Lachisanu madzulo. Zonsezo n'zoona, koma cholakwa changa n'chakuti sindinasunge nambala yanu papepala. Bambo amene ndinakhala nawo pampando anandipatsa foni yawo kuti ndiimbe, ine manambala anu ndimangokumbukira atatu omalizira. Pepani. Munthu wina akanadzuka n'kumapita, ndipo sindikanamuda.

A Nangozo, 1:07
Ndinatsala pang'ono. Ndinadziuza kuti ikakwana 3 koloko ndikupita. Inu munalowa kutatsala mphindi zinayi, fumbi mpaka m'nsidze, mutavala kashati kopyapyala mu Juni, ku Dedza. Ndinamva chisoni.

A Phiri, 1:11
Shati imeneyo ndinaisita ndi ayironi yamakala, ndinati jekete ibisa ntchito yonseyi. Ndimadziwa bwino kuti Dedza sasewera nayo, kwathu ku Lizulu nakonso kumazizira chimodzimodzi, koma dzulo nzeru zinatsala pakhomo. Tiyi uja sanagwe yekha, manja ndi omwe ankanjenjemera, mbali ina chifukwa cha mphepo yotsika m'phiri ija, mbali ina chifukwa cha inu.

A Nangozo, 1:12
Musayambe.

A Phiri, 1:20
Chabwino, ndasiya. Koma pali china chimene ndikufuna kupepesa kuposa tiyi. Ndinalankhula kwambiri. Inu munangofunsa kuti bizinesi ikuyenda bwanji, funso la ulemu chabe, ine ndinatsegula damu. Ndili m'minibasi pobwerera ndinawerenga zimene ndinakuuzani: kusiyana kwa Vayoleti ndi Rozita, mbatata yoyenera tchipisi ndi yoyenera kufutsa, chiwawu chikagwa m'munda nthawi ya mvula, anyamata amene amasokerera mutu pamwamba pa thumba kuti ogula ochokera ku Blantyre akondwe, mtengo wa feteleza. Mpaka ndinajambula mizere patebulo ndi chala. Ndikachita mantha pakamwa panga sipatseka, mayi anga amati ndinayamba ndili mwana. Ndinazindikira mochedwa kuti nkhuku yanu yatha, yanga sindinaikhudze, ndipo za inu sindinafunse chilichonse chogwirika.

A Nangozo, 1:24
Zoti mbatata ikabiriwira padzuwa siyenera kudyedwa sindinkazidziwa, ndiye sindinabwereko chimanjamanja. Koma eya, munalalikira. Ndinayesa kulowererapo kawiri.

A Phiri, 1:29
Ndinakumvani kawiri konseko, kungoti ndinalephera kuponda buleki. Koyamba munati m'kalasi mwanu mwa Sitandade 6 muli ana oposa 90 ndipo amene amakhala kumbuyo mumawadziwa ndi mawu okha. Kachiwiri munati mumaphunzitsa ana za zojambula za pamiyala za ku Chongoni koma inu eni simunaziwonepo, chonsecho phirilo mumaliona tsiku lililonse. Ndinayenera kuima pamenepo n'kufunsa. M'malo mwake ndinabwerera ku feteleza.

A Nangozo, 1:31
Ooh, kani mumamva.

A Nangozo, 1:33
Nanga za azakhali anu aja muziyamba nokha kapena ndiyambe ine?

A Phiri, 1:47
Ndimayembekezera kuti mwina mwaiwala. Ndi alongo awo a bambo anga, amakhala konko ku boma, ndipo sindinadziwe kuti Loweruka amadzera njira imeneyo pochokera kumsika. Atafunsa kuti "Kodi awa ndi aja a ku Balaka aja?" ndinayenera kuyankha pomwepo momveka. Ine ndinangoseka ngati chitsiru n'kuwafunsa za mtengo wa kabichi. Ndiye ndikuyankheni inuyo lero. Panali munthu wa ku Balaka, tinali pachibwenzi zaka ziwiri, chinatha chaka chatha mwezi wa Ogasiti, popanda mwana, popanda ankhoswe kukumana. Azakhali sanamuonepo, ankangomva mbiri, ndiye mkazi aliyense amene angandione naye kwa iwo ndi wa ku Balaka. Palibe chimene chatsalira kumeneko. Ngati muli ndi funso lina pa nkhaniyi funsani, ndiyankha.

A Nangozo, 1:55
Zikomo poyankha mosazungulira. Pamenepo m'pamene panandiwawa, osati pa tiyi. Ndinafika kunyumba ndikudzifunsa ngati ndalowerera za eni ake. Msuweni wanga uja anatilumikizayu ndinamuimbira usiku womwewo, anandiuza zofanana ndi zomwe mwanenazi. Ndimafuna ndione ngati munena nokha.

A Phiri, 1:57
Ndiye ndinali pa mayeso osadziwa?

A Nangozo, 1:58
Mphunzitsi salengeza mayeso onse. Mwakhoza, koma si kuti mwakhala nambala wani.

A Phiri, 2:10
Ndilandira. Tsono ndili ndi pempho, ndipo mukakana sindidzakuvutitsani ndi mameseji. Ndikufuna tiyesenso, kuti mudzaone munthu amene munkacheza naye pafoni milungu itatu ija, chifukwa amene anabwera dzulo ngakhale ine sindikumudziwa. Ndimaganiza za Chencherere, popeza ndi kufupi ndi boma. Inu mukakhale wofotokoza, ine ndikakhale mwana wa sukulu wa kubenchi lakutsogolo. Chimene ndikudziwa ine n'chakuti kuli zofiira ndi zoyera, basi.

A Nangozo, 2:19
Zofiirazo ndi zakale kwambiri, anajambula ndi Akafula, alenje aja analipo Achewa asanafike. Zoyerazo ndi za Achewa, zambiri zimakhudza chinamwali ndi gule. Malo onse pamodzi ndi 127, ndipo a UNESCO anawaika m'kaundula wawo mu 2006. Mwaona, nanenso ndikayamba sindiima.

A Nangozo, 2:21
Koma kuphiri ndi munthu amene ndamuona kamodzi, ayi. Osati chifukwa ndakuganizirani zoipa, ndi m'mene ndimachitira basi. Chencherere asunge kaye.

A Phiri, 2:24
Mwanena zoona, ndipo sindinaganize mbali imeneyo. Sankhani inu malo ndi nthawi.

A Nangozo, 2:33
Loweruka likudzali ndili ndi zokonzekera mayeso a ana. Linalo ndili ndi mpata. Ndikufuna kudzagula nyemba, anyezi ndi mbatata ku Lizulu, mayi akhala akundituma kuyambira mwezi watha. Ndibwera ndi msuweni wanga yemwe uja. Popeza ndinu katswiri, mudzatisankhire mbatata yabwino ndi kutinenerera mtengo, tione ngati ulaliki uja umagwira ntchito pamsika. Tikatha mudzatigulire chimanga chootcha. Ine ndi amene ndikwere minibasi ulendo uno, inu mulibe chifukwa chochedwera.

A Phiri, 2:36
Zaithwa a Nangozo. Ndidzakhala pasiteji kuyambira 9 koloko ngakhale mutati mufika 11. Mudzatsike pamsika penipeni, ndipo ndidzakuonetsani pamene mungaime mwendo wina ku Malawi wina ku Mozambique, ngati simunayesepo. Za mbatata ndidzayankha mafunso okhaokha, osapitirira mawu khumi pa funso.

A Nangozo, 2:38
Ndidzawerenga.

A Phiri, 2:39
Nanga K14,500 ija? Netiweki lero ili bwino, yachita kudzaza ngati ikundiseka.

A Nangozo, 2:43
Tumizani theka. Nkhuku yanga ndinadya ndekha, ndipo ndinkafuna kudzilipirira kale, kungoti simunandipatse mpata wonena. Theka linalo likhale la sopo wa diresi, ndilo ndakukhululukirani.

A Phiri, 2:46
Masamu amenewo sakundikwanira, koma sinditsutsana ndi aphunzitsi. Ndatumiza K7,250, ndawonjezera yochotsera. Onani ngati yafika.

A Nangozo, 2:49
Yafika. Juzi yanga ija mudzabwere nayo. Ndinakubwerekani kuti mufike nayo pasiteji, osati ku Ntcheu.

A Phiri, 2:52
Ili pano, ndaichapa m'mawa uno, ndaiyanika kuseri kuti mayi asayambe mafunso. Mlongo wanga waiona kale. Wafunsa kuti ndinayamba liti kuvala zapinki.

A Nangozo, 2:53
Mwamuyankha chiyani?

A Phiri, 2:54
Ndamuuza kuti si ya ku Balaka.

A Nangozo, 2:55
Kkkkk. Pitani mukadye, ine nsima ikundidikira. Muiyanike pamthunzi, imasuluka.