Mbandakucha M'khola

Tambala woyamba asanalire, agogo anadzutsa Chifundo. “Tenga nyali, mdzukulu wanga, Nyanga sanabzikule usiku wonse.”

M'khola ng'ombe zonse zinali pamodzi, koma Nyanga anaima payekha, mutu uli zyoli, makutu atagwa.

“Gwira mphuno yake.”

“Yauma, agogo, ndiponso yatentha.”

“Ya ng'ombe yabwino imakhala yonyowa. Tsopano papasa pansi pa khutu.”

Chifundo anapeza chotupa cholimba ngati ndimu, ndi nkhupakupa zitathithikana m'khutumo.

“Chigodola chimenecho, nkhupakupa ndizo zimabweretsa,” anatero agogo, mawu akunjenjemera. “Akayamba kutulutsa thovu m'mphuno, tachedwa. Thamangira kwa alangizi a ziweto, uwauze abwere ndi jakisoni.”

“Kudakali mdimatu, agogo.”

“Tenga njinga, nyamuka!”