Mphete yafika, konzani chimera

Onani mpheteyo, zikhadabo zisiyeni, sabata yonse ndakhala ndikukumba mbatatesi kudimba.

Ine ndi aPhiri tatomerana! Inu amene mwakhala mukundifunsa kuchigayo, pamsika wa Ulongwe, ngakhale potuluka m'tchalitchi kuti "Nanga thobwa timwa liti?", yambani kuviika mapira.

Tinadziwana mu 2017. Chibwenzi chisanakhwime n'komwe, iwo anapeza ntchito ku migodi ya malasha ku Moatize, ine n'kutsala kuno ku Angónia. Mtunda wake ndi makilomita opitirira 200, ndipo amene anakwerapo chapa yodzera pa Mussacama akudziwa mmene msana umafikira. Iwo ankaimba foni akudandaula kutentha kwa ku Tete, ine ndikuwayankha nditafunda mabulangete awiri m'chisanu cha mu Juni. Mu 2020 matenda aja atavuta, ngakhale maulendo apatalipataliwo anaduka.

Ambiri ankati bamboyu akunditayitsa nthawi. Ena anachita kundinong'oneza kuti mwamuna wa kumigodi sadikiridwa. Sindikuwasungira mangawa, ankandifunira zabwino, koma samadziwa kuti malipiro a aPhiri ankathera pa sukulu ya azing'ono awo awiri, bambo awo atatisiya. Inenso sindikanasiya amayi anga ali chigonere. Tinagwirizana kuti aliyense ayambe watula katundu wa kwawo, ndipo mpaka lero ndimaona kuti tinaganiza bwino.

Musaganize kuti nkhaniyi yayambira pa chithunzichi ayi. Mphete yabwera pambuyo. Amalume awo a aPhiri anayamba afika kwathu ku Domwe kudzafunsira mbeta, amalume anga anawalandira, anakambirana zawo, ife tili panja kudikira ngati ana a sukulu. Atavomerezana akuluakulu m'pamene mwana wa eni anagwada n'kundiveka.

Kwa amayi anga: munandibisa kwa olankhula, mumangoti "musiyeni mwana, akudziwa chimene akudikira." Zikomo mayi, mwachira kuti mudzavine. Amalume, munapirira mafunso amene sanali anu. Kwa apongozi anga ku Tsangano: munayamba kunditumizira nyemba ndi kunditchula mwana wanu ndisanakhale kanthu pakhomo panu. Ndikubwera ndi manja awiri, mudzandiphunzitse za kwanu modekha. Alamu anga, mwamaliza sukulu, tsopano achimwene anu ndibwerekeni! Bambo awo a aPhiri sanaione mpheteyi, ndipo usiku wa dzulo tonse awiri tinawakumbuka.

AbaPhiri, zaka zonsezi simunandinamizepo za tsiku limene simukanakwanitsa. Ndinavomera kalekale, dzulo ndangobwereza.

Chinkhoswe chidzachitikira kwathu anthu akamaliza kukolola. Tsiku lake adzalengeza ndi ankhoswe, musandipanikize ine. Tambala ndi msoti zilipo kale, zikunenepa. Azakhali a ku Furancungo, nthungululu ndasiyira inu.